Miyezi 8 ndikuyendetsa mabatani pa dayagiramu ya ntchito

"Achimwene, njira yanu ija yoyendetsa mabatani papepala mukadali nayo? Yanga ili ndi foloko imodzi, joini imodzi, mivi 3 yotuluka ndi 3 yolowa, koma akuti ndi yolakwika. Yalakwika pati?"

Ndikadali nayo, mchemwali, ndipo kabokosi ka mabatani kamakhala mu dirowa ya tebulo langa. Papita miyezi 8 chiyambire kuigwiritsa ntchito pa madayagiramu a UML, chilankhulo chojambulira kapangidwe ka mapulogalamu a kompyuta, ndipo pano ndikudziwa pamene imandithandiza ndi pamene inandisiya padzuwa.

Kuwerenga mizere yakuda ija ya mafoloko ndi majoini ndinasiya. Poyamba nanenso ndinkatero: mafoloko angati, majoini angati, zikafanana ndasayina. Chizolowezichi chili ndi kochokera. Mu UML 1.x dayagiramu ya ntchito inali mtundu wina wa makina a masiteti, ndipo foloko inkayembekezeka kukhala ndi joini yake. UML 2.0 itabwera mu 2005 anasintha maziko, natenga ganizo la matokeni, tizizindikiro toyenda m'mivi, lofanana ndi maukonde a Carl Adam Petri a 1962, ndipo UML 2.5.1 ya 2017 ikuyendabe momwemo. Tsopano funso si lakuti mizere ikufanana kodi. Funso ndi lakuti tokeni iliyonse ikupita kuti, ndipo ndani akuidikira.

Njirayo ndi iyi. Ndimasindikiza dayagiramu, ndikuika batani limodzi, loimira tokeni, pa kadontho kakuda koyambira, n'kumalikankha motsatira mivi. Likafika pa foloko ndimalichotsa ndi kuika batani pa muvi uliwonse wotuluka. Pa joini mabatani amaima mpaka muvi uliwonse wolowa ukhale ndi lake, kenako onse amachoka, n'kutuluka limodzi. Dayamondi yosankha imatumiza batani njira imodzi yokha. Dayamondi yosonkhanitsa sidikira munthu: batani lililonse lofika limadutsa palokha. Pamapeto ndimayang'ana zinthu ziwiri: pali batani lomwe laima osayendanso? Pali bokosi lomwe batani lalowamo kawiri pomwe limayenera kulowa kamodzi?

Dayagiramu yomwe inandiphunzitsa zambiri inali ya kalandiridwe ka wantchito watsopano, ndipo ikufanana ndi yanuyo pa chiwerengero. Bokosi loyamba, "Landira fomu". Kenako foloko ya mivi 3: wina ku "Tsegula akaunti", wina ku "Sindikiza chiphaso", wachitatu ku "Ona zikalata". Yonse itatu inkakathera pa joini imodzi, kutsogolo kwake kuli "Pereka makiyi". Pansi pa "Ona zikalata" panali dayamondi yosankha: zikalata zikakwanira, muvi ukupita ku joini, zikaperewera, ukupita ku "Pempha zina", kuchoka apo n'kubwerera m'mwamba, pa dayamondi yosonkhanitsa yomwe inali pamwamba pa foloko.

Powerenga zonse zinali bwino. Nditayendetsa ulendo woyamba, zikalata zili zokwanira, mabatani 3 anakumana pa joini, makiyi anaperekedwa. Ulendo wachiwiri ndinati zikalata zaperewera. Mabatani awiri anafika pa joini n'kuima, monga mwa lamulo. Lachitatu linabwerera m'mwamba, linadutsa dayamondi, n'kugweranso mu foloko. Ndinapisa dzanja m'kabokosi kutenga mabatani ena, ndipo pamenepo ndi pomwe ndinaona vuto, dzanja lili m'malere. Foloko yabereka kachiwiri. Akaunti itsegulidwanso, chiphaso chisindikizidwanso. Munthu wobwezedwa katatu akhala ndi maakaunti 4. Joini ilibe mlandu, chifukwa zoipazo zachitika mabatani asanaifike.

Mankhwala ake anali kutsitsa dayamondi yosonkhanitsa ija kuti ikhale mkati mwa nthambi yachitatu, pakati pa foloko ndi "Ona zikalata". Kuyambira tsiku limenelo, ndisanatulutse n'komwe mabatani, ndimasaka muvi uliwonse wotuluka m'dera la pakati pa foloko ndi joini popanda kudzera pa joini. Muvi wotere si kuti nthawi zonse ndi wolakwika, koma mwini dayagiramu ayenera kundifotokozera.

Mwini wake anakonza mwa njira ina, ndipo patatha mlungu anabwera nayo. Anati zikalata zikaperewera tingolemba chenjezo n'kupitiriza. Choncho kuchoka pa dayamondi yosankha panali mivi iwiri, wa "zakwanira" ndi wa "Lemba chenjezo", ndipo yonse iwiri anailowetsa mu joini. Joini tsopano inali ndi mivi 4 yolowa. Dayamondi imapereka batani ku muvi umodzi basi, ndiye joini idzalandira 3 n'kumadikira lachinayi mpaka kalekale. Makiyi sadzaperekedwa kwa aliyense, kaya zikalata zake zili bwino kaya ayi. Cholakwika ichi ndi chomwe ndakumana nacho kawirikawiri m'miyezi yonseyi, ndipo mabatani sanachiphonyepo. Zomwe zinasiyana pa dayamondi ziyambe zakumana pa dayamondi, kenako muvi umodzi upite ku joini.

Mbale wake wa cholakwikachi ndi kutseka foloko ndi dayamondi yosonkhanitsa. Apa palibe choima, m'malo mwake bokosi lotsatira limagwira ntchito kamodzi pa batani lililonse. Amene amalemba madayagiramu ndi PlantUML amapulumuka ku zambiri chifukwa nthambi zimatsekedwa ndi mawu, monga umu:

```
start
:Landira fomu;
fork
  :Tsegula akaunti;
fork again
  :Sindikiza chiphaso;
fork again
  repeat
    :Ona zikalata;
  repeat while (zaperewera?)
end fork
:Pereka makiyi;
end
```

Koma mukangolemba `end merge` pamalo pa `end fork`, chithunzi chituluka chokongola chimodzimodzi, chili ndi dayamondi m'malo mwa mzere wakuda, ndipo makiyi aperekedwa katatu, koyamba nthambi zina zisanamalize. Pulogalamu yojambula siingakuletseni, poti pali nthawi zina zomwe munthu amafunadi zimenezo.

Tsopano pomwe njirayi inandigwetsa. M'mwezi wachitatu ndinavomereza dayagiramu yomwe muvi wobwerera unkalowa mwachindunji m'bokosi la ntchito, popanda dayamondi. Bokosilo linali ndi mivi iwiri yolowa: wochokera koyambira ndi wobwerera uja. Ine ndinakankha batani, n'kulilowetsa, zonse zinayenda. Mkulu wina amene wakhalitsa pa ntchitoyi anangoloza bokosilo ndi cholembera nati, "Ili liyamba liti?" Mu UML 2 bokosi la ntchito lokhala ndi mivi ingapo yolowa limadikira yonse, ngati joini yosajambulidwa. Linkadikira batani lobwerera, pomwe batanilo silingabwerere bokosilo lisanagwire ntchito. Dayagiramu yonse inali yakufa pa sitepe yoyamba. Chimodzimodzi bokosi la mivi iwiri yotuluka ndi foloko yobisika: limapereka batani ku muvi uliwonse, silisankha.

Mabatani sanalakwe, ndinalakwa ndine powayendetsa motsatira zomwe wojambula ankatanthauza, osati zomwe anajambula. Ndipo ichi ndi chofooka chenicheni cha njirayi: dzanja limakomera mtima dayagiramu, makamaka ikakhala yako. Pano ndisanayambe ndimatenga cholembera chofiira n'kujambula kamzere kokhuthala pa bokosi lililonse la mivi yoposa umodzi, kolowera kapena kotulukira. Majoini ndi mafoloko obisika aja amaonekera, ndipo kawirikawiri chiwerengero chomwe chinkaoneka chofanana chimasokonekera pomwepo. Yang'anani yanuyo, mchemwali. Mwina joini si imodzi ayi.

Kwina komwe ndinachedwa kuzindikira ndi timizere tozungulira ta kumapeto. Kadontho kakuda kokhala mkati mwa bwalo kamathetsa ntchito yonse: batani limodzi likangofikapo, ena onse amachotsedwa pomwe ali. Bwalo lokhala ndi mtanda mkati limameza batani lomwe lafikalo basi, ena n'kumapitiriza. Wina akaika kadontho ka m'bwalo kumapeto kwa nthambi imodzi ya foloko, zotsatira zimadalira yemwe wafika msanga. Ine ndinkayendetsa nthambi kuyambira kumanzere nthawi zonse, ndiye nthambi yakumanja yokhala ndi kadonthoko inkafika pomaliza, zina zitatha kale, ndipo sindinkaona kanthu. Tsopano ndimayendetsa kawiri, kachiwiri kuyambira kumanja.

Bwalo la mtanda lija ndi lomwenso linandichotsa mantha ndi madayagiramu osafanana. Foloko ya mivi 3 ikhoza kukhala ndi joini ya mivi iwiri, nthambi yachitatu ili "Tumiza uthenga wa moni" n'kuthera pa mtanda. Palibe cholakwika, chifukwa makiyi sayenera kudikira moni. Mafoloko awiri, ina mkati mwa inzake, akhozanso kutsekedwa ndi joini imodzi ya mivi 3. Kale ndikanazibweza zonsezi kwa eni ake ndi inki yofiira, ndipo ndikukhulupirira ndinabwezapo zina zabwinobwino.

Za nthawi: dayagiramu ya tsamba limodzi yokhala ndi madayamondi osankha awiri kapena atatu imanditengera mphindi zosakwana 20. Kupitirira apo masamu amakula msanga. Madayamondi 5 a njira ziwiriziwiri, osadalirana, ndi maulendo 32. Akakhala 10 ndi maulendo 1,024. Onjezani kuti nthambi 3 zikhoza kumaliza m'ndondomeko 6 zosiyana. Palibe amene angakankhe mabatani kochuluka chotero. Chomwe ndimachita ndi kuyesa nthambi iliyonse payokha, ndi funso limodzi: batani limodzi likalowa, kodi pa njira iliyonse limatuluka limodzi ndendende pa muvi wopita ku joini? Nthambi ikapambana, ndimaiphimba ndi kapepala n'kuiona ngati bokosi limodzi. Madayamondi 5 aja akakhala awiri m'nthambi ina, atatu m'nthambi ina, maulendo amatsika kufika pa 4 kuphatikiza 8, ndiye 12. Izi zimatheka pokhapokha ngati palibe muvi wodumpha kuchoka nthambi ina kupita inzake. Ukakhalapo, ndimabweza dayagiramu kuti aijambulenso, chifukwa ngakhale itakhala yolondola, wolemba pulogalamu sadzaimva.

Pa majoini okhala ndi `joinSpec`, pomwe wojambula walemba lamulo lake m'malo mwa kudikira mivi yonse, mabatani amathandiza pang'ono chabe. Joini ikatsegulidwa ndi batani limodzi, lochedwa lija lidzafikabe, ndipo muyenera kufunsa mwini wake chomwe akufuna chichitike nalo. Kawiri konse komwe ndafunsa funsoli, yankho linali kukanda kumutu.

Bweretsani yanuyo mawa, yosindikiza, osati pa sikirini. Mubwere ndi cholembera chofiira. Mabatani ndili nawo, ngakhale awiri anagwera kuseri kwa kabati.