Kiti ya PLL ya CD4046 ndi CD4017, ndaigwiritsa ntchito masabata atatu, nyenyezi 4

Ndinagula kakiti aka chifukwa nkhani ya PLL, seketi yomwe imachititsa kuti fulikwensi yotuluka izitsatira yolowa, imandizunguza mutu, ndimadabwa kuti zitheka bwanji kulowetsa 1 kHz kenako kutuluke 10 kHz. Pano ndazimvetsa, ndiye ndifotokozeko chifukwa kapepala kamene kanabwera mu paketimo kali ndi chithunzi cha mawaya basi.

Kugawa fulikwensi nkosavuta, chipu chimangowerenga mapausi khumi nkutulutsa imodzi, ndiyo ntchito ya CD4017 imeneyo. Koma kuchulukitsa sungangotenga pausi imodzi nkuiswa kuti akhale khumi. Ndiye mkati mwa CD4046 muli osileta yakeyake, VCO, yomwe imathamanga malinga ndi voteji yomwe yafika pa pini 9, voteji ikakwera nayo imafulumira, ikatsika imachedwa. 10 kHz ija imapangidwa ndi VCO imeneyi, 1 kHz yanu ntchito yake nkungoiwongolera kuti isasochere.

Mawaya ake akuyenda chonchi. Zotuluka mu VCO pa pini 4 zimapita ku pini 14 ya CD4017, zimagawidwa ndi 10 nkutulukira pa pini 12, kenako zimabwerera ku pini 3 ya CD4046. 1 kHz yanu imalowa pa pini 14 ya CD4046. Mkatimo muli chofananizira chomwe chimangoona kuti pausi yayamba kufika ndi iti, ya pa pini 14 kapena ya pa pini 3. Ine ndimaganizira mwana akuyenda ndi munthu wamkulu atauzidwa kuti pa sitepe imodzi ya wamkuluyo iye aziponda kakhumi, akatsalira amamuuza fulumira, akapitirira amamuuza chepetsa.

Tinene VCO yayamba pa 8 kHz. Ikagawidwa ndi 10 pa pini 3 pakufika 800 Hz, yachepa poyerekeza ndi 1000 Hz, ndiye pini 13 ya CD4046, potulukira chofananizira chija, imakankha voteji mmwamba, kapasita ya fyuluta yomwe ili pakati pa pini 13 ndi pini 9 imadzadza pang'onopang'ono, pini 9 imakwera, VCO imafulumira. Ikapitirira mpaka 11 kHz pa pini 3 pafika 1100 Hz ndiye pini 13 imakokera pansi. Malo okhawo omwe zimakhazikika ndi pomwe pini 3 ikufanana ndi pini 14, ndipo kuti pakhale 1000 Hz itagawidwa kale ndi 10 ndiye kuti VCO ili pa 10 kHz ndendende. Kuloka amanena kuja nkumeneku. Nambala yogawira ndi yomweyo yochulukitsira, mukaikapo chogawa ndi 16 mupeza 16 kHz bola VCO izitha kufikako.

Apa pa "bola" ndi pomwe ndinavutika madzulo onse a tsiku loyamba. Ndinalumikiza zonse bwinobwino koma zotuluka zinangoima cha m'ma 6 kHz, ndisinthe 1 kHz ija pang'ono sizikusuntha olo. Nditayeza pini 9 ndi malitimita ndinapeza ili pafupifupi 5 V, voteji yonse ya sapulai, kutanthauza kuti lupu ikukankha mpaka pamapeto koma VCO yafika polekezera. Liwiro lake limadalira kapasita ya pakati pa pini 6 ndi 7 komanso rezisita ya pa pini 11, ndipo kapasita anaika mu kitimo inali yayikulu. Nditaika yaing'ono zinaloka pompo ndipo pini 9 inakhala chapakatikati. Ndiye zikakana yambani kuyeza pini 9, ikakhala kumwamba kwenikweni VCO ikulephera kukwera, ikakhala pa ziro ikulephera kutsika kapena 1 kHz yanu siikufika nkomwe. Muonetsetsenso kuti pini 5 yapita ku girawundi apo ayi VCO siyaka.

Nyenyezi imodzi ndachotsera fyuluta. Anapereka rezisita imodzi ndi kapasita imodzi basi, ndipo pa osilosikopu fulikwensi imakwera nkutsika, kukwera nkutsika, kuchedwa kukhazikika. Nditaonjezera rezisita ina yaing'ono pakati pa kapasitayo ndi girawundi kugwedezekako kunatha. Mukachepetsanso kapasitayo kwambiri zimaloka msanga koma timapausi ta pa pini 13 timadutsa nkumanjenjemeretsa VCO, ndiye pamafunika kuyesa zingapo. Izi akanalemba ndithu, woyamba kumene angaganize kuti chipu nchakufa.

China choti mudziwe, PLL siikonza zolakwika za siginolo yolowayo, imazichulukitsa nazo. Nditasuntha kufika 1001 Hz kunatuluka 10010 Hz.

Bodi yake ndi yolimba, manambala a mapini akuwerengeka, komanso anaikapo LED pa pini 1 yomwe imawala mokhazikika zikaloka, inandithandiza kwambiri. Amene mukugula mukhale ndi malitimita komanso makapasita ena apadera musanayambe.