Ndemanga: ntchito yoika sikiriputi m'madanga awiri, zithunzi pambali pa mawu

Kaofesi kena kolemba ndi kukonza masikiriputi kufupi ndi Kamwala mu Lusaka kanagwira sikiriputi ya kanema wa mphindi 3 wophunzitsa kuthira kolorini m'madzi akumwa. Inapita ili masamba awiri a mawu a wofotokoza okhaokha, ndipo inabwera patatha masiku awiri ili tebulo la mizere 22, zithunzi kumanzere, mawu kumanja.

Chimene anachita bwino kwambiri ndi tebulolo. Ambiri amapita pa Layout mu Word n'kusankha Columns, koma madanga amenewo ndi a nyuzipepala: mawu akadzaza kumanzere amasefukira kumanja, ndiye mukangowonjezera chiganizo chimodzi, chithunzi chilichonse chimasiyana ndi mawu ake. Iwowa anagwiritsa ntchito Insert, kenako Table, chithunzi chimodzi mzere wakewake. Pa mzere 9, kumanja kuli mawu akuti "vundikirani chigubu mudikire", kumanzere analemba CU, kutanthauza chithunzi chapafupi, dzanja likutseka chivundikiro. Wojambula akudziwa kuti kamera iyandikire, ndipo wolumikiza kanema akudziwa podula. Mitu ya madanga ikubweranso pamwamba pa tsamba lililonse chifukwa anayatsa Repeat Header Rows.

Podula mawu anatsata ganizo, osati mpumiro. Chiganizo chotchula chitsime, chigubu ndi kapu anachigawa m'mizere itatu, poti ndi zinthu zitatu zofunika kuoneka. Apa mpamene pamaonekera munthu wodziwa ntchito.

Vuto lalikulu lili pa nthawi. Masekondi a mzere uliwonse anawapeza powerengera mawu 150 pa mphindi, muyeso wa Chingerezi. Mawu athu ndi aatali: "sanawavundikire" ndi liwu limodzi papepala, koma lili ndi maphatikizo 7. Sikiriputi yomwe iwo analemba kuti ndi 3:00 inafika 3:50 itawerengedwa mokweza, wotchi ya pafoni ikuyenda. Masekondi 50 amenewo alibe zithunzi, ndipo zikadziwika mutachoka kale kojambula, wolumikiza amangokoka zithunzi zomwezo mpaka woonera kutopa. Werengani mzere uliwonse mokweza, mulembe nthawi yeniyeni musanakajambule.

Kolakwika kena n'kakang'ono. Sanazimitse Allow row to break across pages, choncho mzere 14 unaduka pakati, chithunzi chinatsala patsamba lachiwiri mawu ena ali lachitatu. Atauzidwa anakonza tsiku lomwelo osalipiritsanso.

M'mizere inayi danga lakumanzere linangobwereza mawu akumanja, monga "madzi aukhondo ndi ofunika". Kamera singajambule zimenezo. Pamafunika munthu, malo ndi chochita, monga mayi akutunga madzi pampopi wa m'komboni.

Ndikuwapatsa nyenyezi 4 pa 5. Amene muli ndi sikiriputi ya Chinyanja apatseni ndithu, koma muwauziretu kuti nthawi aipime ndi pakamwa.