Timagetsi tokongoletsera m'nyumba, patapita miyezi 8

"Achimwene, timagetsi munagula pa Khirisimasi tija tikadalipo? Ndikufuna tomamuunikira mwana usiku wonse, koma kuchipinda soketi ndi imodzi."

Achemwali, ndinagula zingwe ziwiri ku Limbuli mu Disembala, ndipo lero mu Ogasiti chatsala chimodzi. Chinacho chinafa mu Febuluwale. Magetsi anathima chakumadzulo, ife n'kukagona osazimitsa swichi. Atabwera pakati pa usiku anaphethira kangapo, ndipo m'mawa tinapeza kabokosi ka papulagi katatupa, kakununkha pulasitiki yopserera. Kuyambira pamenepo, akangothima ndimayamba ndazula pulagi ndisanafune n'komwe tochi, ndipo akabwera ndimadikira akhazikike kaye.

Pa mayunitsi musade nkhawa. Pakabokosi ka chingwe chotsalachi analembapo 5W, kutanthauza kuti chikamayaka maola 10 usiku uliwonse, yuniti imodzi imatha patapita masiku 20.

Chimene chinatsala pang'ono kutiotchera nyumba ndi ekisitenshoni. Fyuzi ya m'pulagi yake ndi ya 13A, ndipo pa magetsi athu a 230V ndiye kuti malire ake ndi mawati pafupifupi 3,000, ngati waya wake ndi wabwino. Zotchipa zambiri waya wake ndi wowonda, sizifikako n'komwe. M'mawa wina wa chiperoni mu Juni, alamu anu anabayapo ketulo ya mawati 2,000, ine n'kubayaponso simbi ya 1,200, timagetsi tili pomwepo. Zonse pamodzi zinadutsa 3,200. Fyuzi siinaduke, poti katundu akangopitirira pang'ono chonchi imachedwa, waya n'kumangotentha. Tinadzidzimuka ndi fungo. Bowo limodzi linali litada m'mbali ngati lawaulidwa, pulagi ya ketulo yosagwirika. Tinaitaya ekisitenshoniyo. Ndiye ngati soketi yanu imodziyo ndi yomwe mumasitirapo, muzizula zinazo posita.

Zowasiya usiku wonse ine ndinaleka. Timababu take sititentha, zoona, koma kabokosi kaja kamafunda, ndipo tsiku lina ndinakapeza katakwiririka ndi katani. Kagwireni patatha ola: kufunda pang'ono si vuto, koma kakamawotcha chala kapena kulira ngati udzudzu, katayeni. Chingwe musachikulunge pa neti, ngakhale zimaoneka bwino pazithunzi, ndiponso chikhale poti mwana sangachifikire, angadzikole nacho m'khosi. Pochipachika musakhomere msomali pawaya. Ine ndinakhoma misomali payokha n'kumangirirapo ndi ulusi, patali ndi khoma lija limachita thukuta nthawi ya mvula.

Kwa mwanayo mugule ta mabatire. Magetsi akathima timayakabe, ndipo soketi yanu ipuma. Kabokosi ka mabatire kokhako kakhale m'mwamba, asamakatsegule.