Makadi anga a mayina a Chijeremani patatha miyezi 8

"Achemwali, makadi munalemba aja mukuwagwiritsabe ntchito? Ine za kuchulukitsa mayina zandisokoneza mutu, ndiyambire pati?"

Ndikuwagwiritsabe ntchito, koma osati onse. Pamene ndinkayamba, dzina lililonse linali ndi khadi lake: kutsogolo Chichewa, kumbuyo dzina la Chijeremani pamodzi ndi kaliwu kamene kamalitsogolera, der, die kapena das, kenako mmene limakhalira zinthu zikachuluka. Ndinkaloweza onse mofanana, ndipo apo ndi pamene ndinataya nthawi. M'mwezi wachinayi ndinakhala pansi n'kuwagawa m'milu, ndipo ndinaona kuti mulu waukulu sunkafunika kuloweza n'komwe.

Ife timasintha kumayambiriro kwa dzina: mtengo, mitengo, chitseko, zitseko. Ajeremani amasintha kumapeto, ndipo nthawi zina amaika timadontho tiwiri pamwamba pa a, o kapena u, timene amatitcha umulauti. Mathero ake ndi -e, -n kapena -en, -er, -s, kapena dzina limangokhala mmene lilili, ngati mmene nyumba imakhalira nyumba kaya ndi imodzi kaya khumi. Zinthu zikachuluka, der ndi das zimasanduka die.

Yambani ndi mayina a die, chifukwa ndi amene amabweza msanga mphamvu zanu. Ochuluka kwambiri amangotenga -n kapena -en, ndipo mathero amenewa sabweretsa timadontho. Die Tablette, die Tabletten. Die Frau, die Frauen. Dzina likathera ndi -ung, -heit, -keit, -schaft, -ion kapena -tät, mwadziwa zinthu ziwiri nthawi imodzi: ndi la die, ndipo limatenga -en. Lothera ndi -in lotchula munthu wamkazi limawonjezera n wina: die Ärztin, die Ärztinnen. Makadi onse a mtundu uwu ndinawamanga ndi mphira n'kuwaika m'kabati, ndipo sindinawasowepo.

Koma mkati mwa mayina a die muli kagulu kakang'ono kosamvera lamulo, ndipo tsoka lake ndi mawu amene munthu amawatchula tsiku lililonse. Ndi aafupi, a phatikizo limodzi, ndipo amatenga timadontho pamodzi ndi -e: Hand, Hände, Nacht, Nächte, Stadt, Städte, Wand, Wände, Kuh, Kühe, Maus, Mäuse, Nuss, Nüsse. Onjezanipo Mutter ndi Tochter, amene amangotenga timadontho basi: Mütter, Töchter. Awa ndiye oyamba kuloweza. Ine ndinalemba "drei Nachten" mu kalata yoyeserera mayeso nditaphunzira kale miyezi isanu, ndipo zinandiwawa chifukwa lamulo ndinalitsata bwinobwino, koma liwulo silinali la lamulolo.

Mulu wachiwiri umene ndinauchotsa ndi wa mayina a der ndi das othera ndi -er, -el kapena -en. Pafupifupi onse salandira mathero: das Zimmer, die Zimmer, der Löffel, die Löffel, der Lehrer, die Lehrer. Othera ndi -chen nawonso sasintha, monga Mädchen. Ndinangosunga ochepa a der amene amatenga timadontho: Väter, Brüder, Äpfel, Vögel, Gärten, Mäntel. Samalani kuti dzina la die lothera chimodzimodzi silili m'gulu ili, limatenga -n: Schwestern, Gabeln, Kartoffeln. Za -s sindichedwapo. Ndi mawu obwereka ndi ambiri othera ndi a, i, o kapena y: Autos, Handys, Büros, Hotels, Omas.

Makadi amene atsala m'thumba mwanga, amene tsopano akuda m'mphepete, ndi a mayina aafupi a der ndi das. Apa lamulo limakufikitsani theka la ulendo. Mayina aafupi a der nthawi zambiri amatenga -e, koma za timadontho palibe chokuuzani. Der Tag amakhala Tage, koma der Arzt amakhala Ärzte. Der Hund ndi Hunde, der Schuh ndi Schuhe, pamene der Stuhl ndi Stühle ndipo der Zug ndi Züge. Ndinayesa kwa milungu ingapo kufufuza chinsinsi chake, ndipo ndikukulangizani kuti musayese. Lowezani dzinalo pamodzi ndi mnzake.

Mayina aafupi a das amagawika pawiri. Ena amatenga -er, ndipo -er ali ndi khalidwe lodalirika: ngati m'dzinamo muli a, o, u kapena au, timadontho timabwera ndithu. Buch, Bücher, Haus, Häuser, Dorf, Dörfer, koma Kind, Kinder alibe potiika. Ena amatenga -e popanda timadontho: Jahre, Brote, Haare. Ndiye funso la dzina la das ndi limodzi, -er kapena -e, kupatula ochepa ngati Bett, Hemd ndi Ohr amene amakhala Betten, Hemden, Ohren. Dzina la die silitenga -er, choncho mukadzipeza mukuliikapo, dziwani kuti penapake mwaphonya.

Ndikuonetseni mmene ndimachitira tsopano. Sabata yatha ndinakumana ndi mawu asanu ndi limodzi a m'chipatala, poti ine ndikukonzekera maphunziro a unamwino. Die Untersuchung ithera ndi -ung, ndiye Untersuchungen, khadi losafunika. Die Spritze ndi Spritzen, chimodzimodzi. Der Rollstuhl ndi liwu lolumikiza, ndipo m'mawu otere chigawo chomaliza ndicho chimalamula. Stühle ndikumudziwa kale, ndiye Rollstühle. Das Krankenhaus yatsata Haus, ndiye Krankenhäuser. Der Patient ali m'gulu la mayina a der otchula anthu amene amatenga -n kapena -en, pamodzi ndi Studenten, Kollegen ndi Menschen. Lotsala linali der Verband. Ndinaganiza -e, ndipo ndinalondola, koma za timadontho ndinayenera kutsegula dikishonale: Verbände. Mwa mawu asanu ndi limodzi, khadi ndinalemba limodzi.

Potsegula dikishonale pali msampha umene unandigwira koyambirira. Madikishonale ambiri amalemba mathero awiri pambuyo pa dzina, monga "Tag, der, -[e]s, -e". Oyambawo ndi osonyeza umwini. Ochulukitsa ndi achiwiri. Makadi anga angapo oyamba ndinalembapo -es, ndipo aphunzitsi ndi amene anandizindikiritsa.

Pali zinthu ziwiri zimene makadi sanandithandize. Choyamba ndi kamwa. Maso anga ankadziwa kusiyana kwa Bruder ndi Brüder, koma ndikalankhula ankamveka amodzimodzi, pamene kusiyana kwa mchimwene mmodzi ndi achimwene angapo kwagona pa liwu limenelo. Chinandithandiza ndi kutchula i, kenako kuzungulitsa milomo ngati ndikunena u, lilime osalisuntha. Tsopano khadi lililonse ndimaliwerenga mokweza.

Chachiwiri ndi -n wina amene amabwera dzina lochuluka likatsatira mawu ngati mit, seit, von kapena aus. Pa khadi panalembedwa Kinder ndi Jahre, koma m'chiganizo ndi "mit den Kindern" ndi "seit drei Jahren". Mayina othera kale ndi -n kapena -s sawonjezera kanthu: "mit den Frauen", "mit den Autos". Nditayamba kumva Kindern ndinkaganiza kuti khadi langa ndi lolakwika, mpaka ndinafufuta liwu labwinobwino. Pa makadi atsopano ndimalemba kachiganizo kamodzi m'munsi. Pa la Nacht palembedwa "zwei Nächte", ndipo pansi pake "seit zwei Nächten".