Gawo limodzi pa sabata kapena sizoni yonse tsiku limodzi: n'chifukwa chiyani macheza ake amasiyana?

M'chaka cha 2013 njira ziwiri zotulutsira sewero la pa kanema zinaonekera bwino kusiyana kwake. Pa 1 February, Netflix inatulutsa magawo onse 13 a sizoni yoyamba ya House of Cards tsiku limodzi. Patangotha miyezi inayi, pa 2 June, HBO inaonetsa gawo lachisanu ndi chinayi la sizoni yachitatu ya Game of Thrones monga inkachitira Lamulungu lililonse. Onsewa anali masewero a ndale, chinyengo ndi kuphana, koma mmene anthu ankawakambira zinali zosiyana kotheratu. Nditchula zina zimene zinachitika m'masewerowa, choncho amene simunawaonere chenjerani.

Tiyambe ndi gawo la pa 2 June lija, lomwe anthu amangolitchula kuti Red Wedding. Robb Stark, mfumu yachinyamata ya m'seweroli, mayi ake ndi mkazi wake woyembekezera anaphedwa pa phwando la ukwati m'nyumba ya Walder Frey, munthu amene anawalandira ngati alendo. Oonera anakumana ndi zimenezi usiku umodzi womwewo, ndipo panalibe woti n'kuthamangira kutsogolo chifukwa gawo lotsatira linali lisanatuluke. Amene anawerenga buku lake, lomwe linatuluka mu 2000, anakhala chete mpaka tsikulo, ena n'kumajambula anzawo akukuwa ndi kugwira kumutu. Kenako panali masiku asanu ndi awiri athunthu. M'masiku amenewo anthu anabwerera m'mbuyo n'kumafunsana: kodi zizindikiro zinalipo? N'chifukwa chiyani Roose Bolton, mmodzi wa akuluakulu a nkhondo a Robb, anavala chovala chankhondo m'kati mwa malaya pa ukwati? Nanga Arya, mlongo wake wa Robb, yemwe anali atafika pachipata penipeni, alowera kuti?

Mphamvu ya njira ya sabata ndi sabata yagona pamenepa. Aliyense amadziwa zofanana, ndipo zimene sakudziwa n'zofanananso. Ukanena kuti "ndikuganiza kuti uyu ndiye wampereka mnzake", palibe amene angakuseke kuti anaona kale yankho. Macheza amayang'ana kutsogolo, ndipo kachinthu kakang'ono, monga nyimbo imene oimba anayamba kuimba zitseko zitatsekedwa, kamapeza anthu okakambirana kwa masiku angapo. Ife amene tinakula tikudikira Tikuferanji pa wailesi ya kanema timaudziwa mtundu umenewu wa macheza, woti m'mawa mwake m'minibasi ndi ku ofesi aliyense ali ndi maganizo pa munthu mmodzi yemweyo.

Tsopano taonani House of Cards. Sizoni yachiwiri inatuluka pa 14 February 2014, ndipo m'gawo loyamba lenilenilo Frank Underwood, wandale yemwe ndi mwini nkhani, anakankhira mtolankhani Zoe Barnes kutsogolo kwa sitima. Imfa imeneyi ikanakhala ya pa sabata, ikanadya sabata yonse. Koma gawo lotsatira linkayamba lokha patangopita masekondi ochepa, moti woonera analibe nthawi yokhala pansi n'kudabwa. Pofika Lolemba, wina anali atamaliza magawo onse, wina ali pa gawo lachinayi, wina akudikira mapeto a mwezi kuti agule bando ya intaneti. Ngakhale tsamba la Twitter la Barack Obama, yemwe anali pulezidenti wa Amereka nthawi imeneyo, linapempha anthu kuti asaulule nkhani tsiku lotulutsa lisanafike.

Macheza a sizoni yotuluka yonse amayamba ndi funso limodzi: "Wafika pati?" Ukayankha kuti uli pa gawo lachitatu, mnzako amene wamaliza amangoti, "Ukafika pa lachisanu ndi chiwiri undiuze." Nkhani yathera pomwepo. Iye sangalote nawe za kutsogolo chifukwa akudziwa kale, iwenso sungamufunse zambiri kuopa kuti akuululira. Ukadzafika pa gawo lija, iye wayamba kale sewero lina ndipo zambiri waiwala. Zotsala kukambirana ndi chigamulo cha sizoni yonse: inali bwino kapena ayi, mathero ake anakhutiritsa kapena ayi. Magawo apakati amasungunukirana, mwakuti ndi ochepa amene angakuuzeni kuti chakutichakuti chinachitika m'gawo liti.

Komabe si bwino kunena kuti njira ya pa sabata ilibe vuto. Vuto lake lalikulu limachokera m'kulota komweko. WandaVision, sewero la kampani ya Marvel pa Disney+, inayamba pa 15 January 2021 ndi magawo awiri, kenako limodzi Lachisanu lililonse mpaka onse anakwana 9. Kumapeto kwa gawo lachisanu kunatulukira Evan Peters, amene anasewerapo Quicksilver m'mafilimu a X-Men, omwe nkhani zake zinali zosalumikizana ndi za m'mafilimu a Marvel. Kwa mwezi wathunthu anthu anamanga nkhani yawoyawo, yoti a X-Men akulowa m'dziko la Marvel, ndiponso kuti kumbuyo kwa zonse kuli chiwanda chotchedwa Mephisto. Gawo lomaliza litatuluka pa 5 March, zinapezeka kuti munthu uja anali chabe mnansi wamba wa m'tauniyo, ndipo Mephisto sanaoneke n'komwe. Ambiri anakhumudwa, osati chifukwa seweroli linalonjeza zimenezo, koma chifukwa masabata oyembekezera anabala sewero lina m'mitu mwawo. Munthu woonera magawo onse motsatizana safika pamenepo. Iye amaona nkhani ya mayi amene akulephera kuvomereza imfa ya wokondedwa wake, yomwe ndiyo olemba ankafuna kunena. Chizindikiro choti macheza asochera n'chakuti anthu akukamba kwambiri za munthu amene sanaonekepo pa kanema kuposa amene akuoneka.

Kwa ife kuno palinso nkhani ya nthawi. Game of Thrones inkaonetsedwa 9 koloko usiku ku New York, yomwe ndi 3 koloko m'bandakucha wa Lolemba ku Lilongwe kapena ku Chipata. Amene sanadzuke usiku ankatsegula foni m'mawa n'kupeza zonse zaululidwa kale. Ndalama nazonso zimalowapo: magawo khumi a pa sabata amatenga masiku 63 kuchokera pa loyamba kufika pa lomaliza, kutanthauza kulipira miyezi itatu, pamene sizoni yotuluka yonse mukhoza kuimaliza ndi malipiro a mwezi umodzi. N'chifukwa chake ambiri amadikira kuti sizoni ithe kaye, n'kuonera yonse pamodzi.

Makampaniwo anayamba kusakaniza njira ziwirizi. Mu 2022 Netflix inagawa sizoni yachinayi ya Stranger Things pawiri, magawo 7 pa 27 May ndipo awiri otsala pa 1 July. Masabata asanu apakatiwo anapatsa ochedwa mpata wofika pamene panali anzawo, ndipo anthu anayambanso kulota za amene afe ndi amene apulumuke.

Ine ndimasankha potengera mtundu wa sewero. Ngati ndi la chinsinsi, loti wapha ndani kapena mpando autenga ndani, ndimafuna la pa sabata, chifukwa theka la kukoma kwake lili m'kukangana ndi anzanga. Ngati ndi nkhani yoyenda pang'onopang'ono, ya anthu ambiri ndi mayina ovuta kukumbukira, kuonera motsatizana kumathandiza kuti ndisataye ulusi wake. Ndipo ngati sizoni yatuluka yonse koma mukufuna macheza, gwirizanani ndi anzanu pa gulu la WhatsApp kuti muzionera magawo awiri pa sabata, n'kuika tsiku lokambirana, ndipo amene wathamangira kutsogolo asalankhule mpaka enawo atamupeza.