Ma apu atatu oona matenda a tomato, ndawayesa ndi chithunzi chopanda kanthu

Anzanga a kumadimba kuno ku Machinjiri mwakhala mukundifunsa kuti pa ma apu ojambula tsamba n'kukuuza matenda aja yabwino ndi iti. Zoti imadziwa matenda angati sindikamba, zimenezo amalemba okha. Ine ndimayang'ana chinthu chimodzi, imatani ukaitumizira chithunzi chomwe mulibe tsamba.

Chinandiyambitsa ndi chaka chatha mu Julaye, chiperoni chili pakati. Ndinatuma mphwanga kudimba m'mamawa kuti ajambule masamba a tomato omwe anayamba chikasu, ndiye ndi kuzizira kuja galasi la kamera linachita nthunzi, dzanjanso likunjenjemera, chinatuluka ndi chinthu chotuwa chobiriwirako, olo mtsempha umodzi wa tsamba osaoneka. Apu yoyamba, yomwe ndinkaidalira nthawi imeneyo, inachilandira bwinobwino n'kulemba kuti ndi chiwawu, ndi maperesenti ake apamwamba pambali. Mphwangayo anangondiimbira kuti achimwene akuti chiwawu, ine poti chiwawu chimakondadi nyengo yonyowa yozizira ngati imeneyo sindinakaike, ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe kukagula mankhwala. Tinapopera kawiri, chikasu chikungopitirira. Nditatembenuza tsamba ndekha ndinapeza tiakangaude tofiira tija ndi ulusi wake kunsi, tomwe mankhwala a chiwawu satipha. Ndalama ya mankhwala, thiransipoti, ndi masabata awiri, zonse zinapita.

Pambuyo pake ndinamvetsa chomwe chimachitika. Ma apu ambiri otere anaphunzitsidwa ndi zithunzi za mndandanda wa matenda, ndiye chithunzi chilichonse amachigawira maperesenti 100 pakati pa maina omwe ali pa mndandandawo. Ngati opanga sanaikepo yankho loti apa palibe tsamba, apu imasankhabe dzina lomwe layandikira, ngati mwana pa mayeso osankha yemwe sangasiye funso osachonga. Ndiye peresenti yaikulu ija imangotanthauza kuti mwa maina omwe ikuwadziwa ili ndi lomwe lapambana, sikuti yaonadi matenda. Ndinadzaiyesa dala ndi khoma la kubafa, inalipezeranso matenda. Ndinaichotsa tsiku lomwelo ndipo mpaka lero ikandionekera pa foni ya munthu mtima umandiwawa.

Yachiwiri siinama, koma ilibe ulemu. Imazungulira kaye kenako n'kulemba "Error. Try again" basi. Sudziwa ngati ndi netiweki, kapena chithunzi, kapena foni yadzadza, ndiye umangotumizanso chomwecho katatu, ndipo chithunzi cha kamera ya 12 megapikiselo chimatha kufika 3 MB, bandulo ikungopita. Chomwe chinandinyansa kwambiri, imapereka mwayi wochepa waulere pa tsiku, ndipo chithunzi cholephera imachiwerengeranso.

Yachitatu ndi yomwe ndatsala nayo. Ndinaipatsa zithunzi zitatu zoyesera: chala chitatseka kamera, khoma loyera, ndi chija chimajambulika chokha ukamatulutsa foni m'thumba, mapazi ndi dothi. Pa chilichonse inanena kaye chomwe yaona, kuti ichi chada kwambiri, ichi mulibe mbewu, kenako n'kupempha mwaulemu kuti ndijambulenso tsamba limodzi pafupi pamalo owala. Mizere iwiri yokha, osandiimba mlandu, osapepesanso kambirimbiri. Ulemu wake ndi umenewo kwa ine, kuti yakuuza chomwe chalakwika ndiye ukudziwa chokonza, mwina kupukuta galasi, mwina kuchoka pamthunzi. Mayankho awiri oyamba anabwera nthawi yomweyo ndili chozimitsa data, kusonyeza kuti kuwala ndi kuoneka bwino kwa chithunzi imakuyeza pa foni pomwepo isanatumize kanthu.

Ili ndi vuto lake. Imakana mopyola, makamaka madzulo dzuwa likapendeka, tsamba looneka bwino kwa ine imati silikuoneka, ndipo pa Itel ya mphwanga imakana kawirikawiri kuposa pa Tecno yanga. Uthenga wakenso ndi wa Chingerezi, mayi anga ndimachita kuwamasulira. Komabe kujambulanso kumanditengera mphindi imodzi, pomwe yoyamba ija inandidyera masabata awiri, ndiye kusankha sikunandivute.

Musanaike ndalama pa apu iliyonse, tsekani kamera ndi chala mujambule, kenako mujambule khoma, mutumize zonse ziwiri. Ikakutchulirani matenda ichotseni. Ikati mujambulenso, onaninso ngati yakudulani mwayi waulere uja. Pojambula tsamba lenileni muziika pepala loyera kapena dzanja kumbuyo kwake, mugwire pa sikirini pomwe pali banga kuti kamera ilunjike pamenepo, ndipo mujambulenso kunsi kwa tsamba, chifukwa tiakangaude tija timakhala kumeneko.