Euler, tanjenti kapena modyulasi yochepetsedwa: mzati wamfupi tiwerengere njira iti?

Anzanga apakalasi ya zomangamanga akhala akundifunsa funso limeneli, ndiye tiyeni tiyese njira zitatuzi pa mzati umodzi. Mzatiwo ndi wachitsulo, uli ndi mapini kunsonga zonse ziwiri, modyulasi yake ndi E = 200 GPa, umayamba kugonja pa Fy = 250 MPa, ndipo kuwonda kwake ndi L/r = 60.

Njira ya Euler, σ = π²E/(L/r)², ikupereka 548 MPa. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, poti chitsulocho chagonja kale pa 250. Euler musiyireni mizati yaitali yowonda.

Njira ya tanjenti anaibweretsa ndi Engesser mu 1889. Sitiresi ikakwera, chitsulo sichikhalanso cholimba ngati poyamba, choncho mu fomula ya Euler m'malo mwa E timaika Et, kutsetsereka kwa mzere wa sitiresi ndi sitireni pamalo pomwe tafikapo. Chimene ambiri sakuuzani n'chakuti Et imadalira yankho lomwe mukulifunalo, ndiye muyenera kubwerezabwereza. Komanso mzerewo mukautenga kuti? Kachitsulo koyesera kokoka kamakupatsani mzere wowongoka mpaka 250, kenaka Et n'kugwera pa ziro. Mzati weniweni sutero. Pozizira kufakitale, nsonga za mafulanji zimazizira msanga n'kutsala zili zopanikizika, motero zimayamba kugonja katundu asanafike patali. Mzere woyenera ndi wa kamzati kafupi kopanikizidwa kathunthu.

Tikasowa umenewo, timagwiritsa Et = 4E(σ/Fy)(1 − σ/Fy) pa sitiresi yoposa theka la Fy. Yesani 200 MPa: Et ndi 128 GPa, fomula ikubweza 351, kutanthauza kuti mwayamba pansi. Pa 230, Et yatsikira pa 59 GPa, yankho 161, mwapitirira. Ziwirizi zimakumana pafupi ndi 222 MPa, pomwe Et ili cha m'ma 81 GPa. Taonani mmene Et imagwera msanga. Mukaphonya pang'ono powerenga mzere, yankho lasokonekera.

Modyulasi yochepetsedwa, Er, ndiyo imandinyansa, chifukwa papepala imaoneka yanzeru kuposa zonse. Imati mzati ukamapindika, mbali yakunja imapepukidwa n'kubwerera ku E, yamkati yokha ndiyo ili pa Et. Pa mzati wa mafulanji awiri, Er = 2E·Et/(E + Et), ndipo tikupeza 232 MPa. Koma mizati yoyesedwa inkagwa pafupi ndi yankho la tanjenti. Shanley ndiye anamasula mfundoyi mu 1947: mzati umayamba kupindika pa katundu wa tanjenti katunduyo akuwonjezekabe, ndiye poyambapo palibe mbali yopepukidwa. Katundu wa Er mzati sumufika.

Ine ndili mbali ya tanjenti. Koma 222 ija ndi ya mzati wowongoka bwinobwino, katundu ali pakati penipeni. Wopotoka pang'ono ugwa usanafikepo, ndipo L/r ikapitirira 126 mubwerere kwa Euler.